Ndatopa kuika Windows mobwerezabwereza: ndingasunge bwanji kompyuta momwe ilili lero?

Mayi a Chisomo:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi kashopu kotaipa ndi kupulinta pa Mponela, makompyuta atatu ofanana, iliyonse ili ndi SSD ya 256 GB. Mwezi watha imodzi inagwidwa ndi vairasi yochokera m'mafulashi a makasitomala, mafoda onse anasanduka njira zachidule zosatseguka. Mnyamata amene amandithandiza anaifafaniza n'kuikanso Windows 11. Kuika kwenikweniko sikunachedwe, koma zotsatira zake ndiye zinatidyera masiku awiri: madalaiva a pulinta ziwiri, sikana, Office, zilembo zomwe timalembera makadi a ukwati, kenaka maapudeti omwe anamaliza bandulo yonse ya mwezi. Pano kompyutayo ili bwinobwino, palibe amene waigwira. Ndinamva kuti pali njira yoti nkuijambula yonse momwe ililimu kuti tsiku lina ikadzavuta ndidzangoibwezera. Amatani? Ndipo ndigule chiyani?

Bambo Nkhoma:
Mayi, zimenezo n'zosavuta. Tengani fulashi yaikulu mukopere mafoda anu onse, Documents ndi Desktop. Ine ndimatero Lachisanu lililonse.

Mayi a Chisomo:
Zikomo bambo, mafailo ndimakopera kale. Chomwe chikundiwawa ndi Windows mwini wake ndi mapulogalamu, kuti ndisamayambirenso pachiyambi.

Yamikani:
Pangani restore point amayi. Lembani `Create a restore point` pa Start, mudine Create, basi mwamaliza. Simufunika kugula kanthu.

Che Jafali wa ku Limbe:
Yamikani, chimenecho chimathandiza dalaiva kapena apudeti ikasokoneza zinthu, koma sichomwe mayiwa akufuna. Chimakhala pa disiki yomweyo imene ili ndi Windows, ndiye disiki ikafa kapena munthu akaifafaniza, nacho chapita. Mavairasi ena amayamba n'kuchifufuta chimenecho asanachite china chilichonse.

Chomwe mukufunsa mayi timachitcha imeji. Ndi kukopera disiki yonse, kuyambira tizigawo ting'onoting'ono tobisika toyatsira kompyuta mpaka C: ndi zonse zili m'menemo, n'kuisunga ngati foda imodzi pa hadi disiki ina yakunja. Ine ndimagwiritsa Clonezilla, ndi yaulere, ndipo simaiika mu Windows. Mumailemba pa fulashi n'kuyatsira kompyuta pa fulashipo, Windows ali chigonere, n'chifukwa chake imatha kukopera chilichonse popanda failo yokana kuti ikugwira ntchito.

Zogula ndi ziwiri. Fulashi yaing'ono, ngakhale ya 2 GB ikwana, ya Clonezilla yokha. Kenaka hadi disiki yakunja yosungira imejiyo. Musadere nkhawa kuti SSD ndi ya 256 GB, chifukwa Clonezilla imatenga malo okhawo amene muli zinthu n'kuwapanikiza. Windows watsopano ndi Office ndi madalaiva, kwa ine imeji imatuluka pakati pa 20 ndi 30 GB.

Ndipo mwafunsa pa nthawi yake. Imeji imajambula zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Mukadikira mwezi, fulashi za makasitomala zitalowamo, mudzasunga vairasi pamodzi ndi Windows, ndipo tsiku lobwezera mudzaibwezeranso ndi manja anu. Chonde pasalowe fulashi ya munthu aliyense mpaka mutamaliza.

Mayi a Chisomo:
Ndayamba ndaiphimba ndi nsalu, ndawauza atsikana kuti asaiyatse. Hadi disiki yakunja ndili nayo ya 500 GB, muli zithunzi za makasitomala. Kodi Clonezillayo siifufuta zimenezo?

Che Jafali wa ku Limbe:
Posunga siifufuta, imangoonjezera foda yake pambali pa zanuzo. Bola pakhale malo okwanira.

Musanayambe, mu Windows chitani izi. Pulintani tsamba limodzi pa pulinta iliyonse, musikane pepala limodzi, mutsegule Word muone kuti sakupempha kiyi. Chimene sichikugwira lero sichidzagwiranso mukadzabwezera. Mukakhutira, tsegulani Command Prompt ngati Administrator mulembe:

```
powercfg /h off
shutdown /s /t 0
```

Chifukwa chake n'chakuti Windows 10 ndi 11 ukadina Shut down sazima kwenikweni. Pali chinthu chotchedwa Fast Startup chimene chimasiya disiki ngati munthu wogona ndi nsapato, kuti mawa adzuke msanga. Clonezilla ikapeza disiki ili choncho imatha kukana, n'kulemba kuti NTFS `is scheduled for a check or it was shutdown uncleanly`. Mzere woyambawo umazimitsa khalidwe limenelo, komanso umachotsa failo yaikulu ya `hiberfil.sys`, ndiye imeji imachepako.

Kenaka lowetsani fulashi ya Clonezilla, yatsani kompyuta mukudina batani losankhira poyatsira. Pa Dell ndi F12, pa HP ndi F9. Ikayaka muona zolemba zokhazokha pa sikirini yabuluu, mausi sagwira ntchito, mumayenda ndi mivi ndi Enter. Musaope. Sankhani `device-image`, kenaka `local_dev`. Apo imakuuzani kuti mulowetse hadi disiki yakunja, mudikire pang'ono iwonekere pamndandanda, ndipo mumaisankha ngati malo osungira. Ikafunsa, tengani `Beginner`, kenaka `savedisk`. Lembani dzina la imeji, musankhe disiki ya m'kompyuta, ndipo ikafunsa ngati iyese imejiyo ikamaliza, vomerani. Anthu amadumpha pamenepa pothamangira nthawi, koma ndi pamene mumadziwira ngati zomwe zalembedwa zikuwerengeka.

Pamene pamasokoneza ambiri ndi maina a madisiki. Mulibe C: kapena D: m'menemo, muli `sda`, `sdb` kapena `nvme0n1`. Musaloweze kuti `sda` nthawi zonse ndi ya m'kati, zimasinthasintha. Yang'anani kukula ndi dzina la kampani lomwe lalembedwa pambali. Ya 256 ndi yanu ya Windows, ya 500 ndi yakunja.

Thoko wa ku Joni:
Achemwali, ngati zolemba zabuluuzo zikukuopsani, pali Rescuezilla. Imachita zomwezo koma ili ndi mabatani odina ndi mausi, ndipo imeji zake zimawerengeka ndi Clonezilla. Kuntchito kwathu achinyamata atsopano timawayambitsa pa imeneyo.

Bambo Nkhoma:
Koma inu, bwanji osagwiritsa ya mu Windows momwemo? Tsopano ndamva chomwe mayiwa akufuna. Mu Control Panel muli `Backup and Restore (Windows 7)`, kumanzere kuli `Create a system image`. Ndinaionapo ngakhale sindinaidinepo.

Che Jafali wa ku Limbe:
Ilipo ndithu bambo, ndipo imagwira. Imapanga foda ya `WindowsImageBackup` pa disiki yakunja. Kungoti a Microsoft eni ake ananena kale mu 2017 kuti sakuitukulanso, ndipo amalangiza anthu kugwiritsa mapulogalamu ena. Ine chimene sindiikondera n'chakuti ikakana kubwezera imangokupatsa nambala ya vuto yaitali, osakuuza chomwe chalakwika. Koma amene ali nayo kale asaitaye, iposa kukhala opanda kanthu.

Mayi a Chisomo:
Ndabweranso. Dzulo madzulo titatseka shopu tinayesa ndi mnyamata uja. Zonse zinayenda monga munanenera Che Jafali mpaka inayamba kukopera. Koma inatenga nthawi yaitali kwambiri, pafupifupi maola awiri, ndipo foda yatuluka 71 GB. Mu Windows C: ikuonetsa kuti muli zinthu za 46 GB zokha. Imeji ingakule bwanji kuposa zomwe zilimo? Talakwitsa pati?

Yamikani:
Mwina munalowetsa hadi disiki pa doko la USB lakuda. Lowetsani pa labuluu, limathamanga.

Che Jafali wa ku Limbe:
Za doko labuluu Yamikani wanena zoona, ndipo muzitero, koma doko limachedwetsa chabe, silikulitsa imeji. Mayi, tsegulani foda ya imejiyo mu Windows mundiwerengere dzina la failo yaikulu kwambiri. Ndiponso ngati mukukumbukira, pamene imakopera, pa mzere wa `File system` panalembedwa chiyani?

Mayi a Chisomo:
Failo yaikulu dzina lake likuyamba ndi `sda3.dd-ptcl-img`. Mnyamatayu anajambula sikirini pa foni, palembedwa `File system: raw`, ndipo `Space in use` ndi chimodzimodzi ndi `Device size`.

Che Jafali wa ku Limbe:
Ndi chimenecho. Pakanayenera kulembedwa NTFS, ndipo failo ikanakhala ndi `ntfs-ptcl-img` m'dzina lake. Mawu akuti `dd` ndi `raw` akutanthauza kuti Clonezilla sinathe kuwerenga zomwe zili mu C:, ndiye inangokokolola chigawo chonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, malo odzaza ndi opanda kanthu omwe. N'chifukwa chake inachedwa.

Chomwe chimachititsa nthawi zambiri ndi BitLocker. Windows 11 wa masiku ano, kuyambira 24H2, ukamuika mwatsopano amatha kuyamba yekha kubisa zomwe zili pa disiki osakufunsa, ngakhale pa Home. Zinthu zobisidwa choncho zimaoneka ngati zinyalala zopanda dongosolo, sizipanikizika, ndiye 46 GB yanu inalowa yonse momwe ilili. Zoonjezerazo mwina ndi zotsalira za Windows wakale zomwe zikadali m'malo amene akuoneka ngati opanda kanthu. Kuti mutsimikize, mu Command Prompt ya Administrator lembani:

```
manage-bde -status C:
```

Pa `Conversion Status` pakakhala china chilichonse osati `Fully Decrypted`, ndiye ndi iyeyo. Mumuzimitse motere:

```
manage-bde -off C:
```

Sizitha nthawi yomweyo. Siyani kompyuta iyake, muzibwereza lamulo loyambalo mpaka palembedwe `Fully Decrypted`, kenaka muzimitse monga poyamba paja n'kujambulanso.

Imeji ya 71 GB ija sikuti ndi yakufa, itha kubwezereka. Koma ili ndi msampha: mukadzaibwezera pa kompyuta ina, kapena zina zikadzasintha mu BIOS, itha kudzakufunsani kiyi ya manambala 48 imene mwina simukudziwa n'komwe kuti ilipo. Pa kompyuta ya pashopu yosachoka pa tebulo ine ndimazimitsa. Pa laputopu yoyenda nayo m'minibasi, muzimitse pojambula pokha, mukamaliza muyatsenso ndipo kiyiyo muilembe papepala.

Mayi a Chisomo:
Munalondola, panalembedwa `Used Space Only Encrypted`. Tazimitsa, tadikira, tajambulanso pa doko labuluu. Mphindi 14 basi, foda ndi 24 GB, ndipo pomaliza inalemba kuti imeji yayesedwa ndipo ndi yobwezereka. Mtima wanga wakhala pansi.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Mayi a Chisomo, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhulepo, chifukwa pamene mwafikapa ndi pamene ine ndinagwera. Ndimayang'anira labu ya makompyuta 12 kusukulu kwathu. Chaka chatha ndinajambula imeji yabwino ngati yanuyo, ndinaisunga mu kabati ya ahedi. Teremu yachiwiri SSD ya kompyuta imodzi inafa. Tinagula ina ya 240 GB, poti ya 256 kunalibe ndipo ndinaona ngati n'chimodzimodzi. Zinthu za mu imeji zinali zosakwana 50 GB. Nditasankha `restoredisk` inangolemba zofiira kuti `Destination disk is too small!` n'kuima. Ana a Fomu 4 anali ndi mayeso oyeserera mawa lake, ndinagona mu labu usiku umenewo ndikuika Windows ndi manja.

Chomwe ndinaphunzira n'chakuti Clonezilla siyang'ana kuchuluka kwa zinthu, imayang'ana kukula kwa zigawo momwe zinalili pa disiki yoyamba. Chigawo cha C: chikakhala 237 GB, imafuna malo a 237 GB, ngakhale m'katimo muli mphepo yokhayokha.

Yamikani:
Aphunzitsi, mukanalowa `Expert` n'kuchonga `-icds`. Imadumpha kuyeza kukula kwa disiki, imabwezera bwinobwino.

Che Jafali wa ku Limbe:
Pang'onopang'ono Yamikani. `-icds` imangoletsa Clonezilla kudandaula, siichepetsa chigawo chilichonse. Imathandiza ngati zigawo zonse zikuthera m'kati mwa disiki yatsopanoyo, kumapeto kunali malo opanda chigawo. Kwa aphunzitsiwa C: inadzaza disiki yonse, ndipo kumbuyo kwake Windows amaikako kachigawo ka Recovery kumapeto kwenikweni. Pa disiki ya 240 malo amenewo kulibe. Ukakakamiza, zimaima panjira kapena umatsala ndi Windows wosayaka.

Mankhwala ake ndi a pa tsiku loika Windows. Pa sikirini yosankha disiki, osangodina Next pa malo onse. Dinani New mupatse Windows 120 GB, zotsalazo mudzapange D: pambuyo pake. Mukajambula musanapange D:, imeji yonse imathera cha pa 120 GB, ndipo apo `-icds` imagwira ntchito yake pa SSD ya 240. Kwa amene anaika kale, lamulo ndi limodzi: disiki yolowa m'malo ikhale yofanana kapena yokulirapo. Yokulirapo siivuta, malo otsalawo mumadzapangapo chigawo china mu Disk Management.

Mayi a Chisomo:
Yanga ili ndi C: yokha yodzaza disiki yonse. Ndiye ndiyambirenso?

Che Jafali wa ku Limbe:
Ayi mayi, musayambirenso. Lembani pa kapepala kuti imejiyi imafuna disiki ya 256 GB kapena kuposa, mumate pa hadi disiki yakunjayo. SSD ikadzafa mudzagule ya 256 kapena 512, osalola wogulitsa akuuzeni kuti 240 n'chimodzimodzi. Ngakhale za 256 zimasiyana pang'ono kampani ndi kampani nthawi zina, ndiye ndalama zikalola 512 ndi yosadetsa nkhawa.

Koma pali china chimene chikundidetsa nkhawa kuposa chimenecho. Atsikana anu amasunga kuti ntchito za makasitomala?

Mayi a Chisomo:
Pa Desktop ndi mu Documents, monga aliyense.

Che Jafali wa ku Limbe:
Ndiye mumve bwino apa. Tsiku lomwe mudzasankhe `restoredisk`, disiki yonse idzabwerera momwe inalili dzulo pa nthawi yojambula. Kalata iliyonse, CV iliyonse, kadi iliyonse ya ukwati yomwe yalembedwa kuyambira lero idzafufutika, ndipo palibe Recycle Bin yokaitolako. Imafunsa kawiri kuti mukutsimikiza, mukalemba `y` kawiri zatha. Apa ndi pamene malangizo a Bambo Nkhoma aja akugwira ntchito: mafailo azikoperedwa paokha sabata ndi sabata, imeji ndi ya Windows ndi mapulogalamu basi.

N'chifukwa chakenso ndimakonda C: ndi D: zosiyana. Ntchito zikamasungidwa pa D:, Windows akavuta mumasankha `restoreparts` m'malo mwa `restoredisk`, n'kubwezera chigawo cha Windows chokha, D: osaikhudza. Imeji yojambulidwa ndi `savedisk` imalola zimenezo.

Thoko wa ku Joni:
Apo ine ndimasiyana nanu pang'ono madala. D: imapusitsa anthu, amayamba kuona ngati mafailo awo ndi otetezeka pomwe ali pa SSD yomweyo. Ndipo vairasi ya m'mafulashi ija imakhalanso pa D:, mukabwezera C: yoyera, wina n'kudina kanjira kachidule kaja pa D:, yabwereranso tsiku lomwelo. Ine ndimakonda kufufuta zonse n'kubweza mafailo nditawasefa.

Che Jafali wa ku Limbe:
Za vairasi yotsalira pa D: ukunena zoona Thoko, ndinaziwonapo. Koma pa shopu yomwe magetsi akabwera anthu ali kale pamzere, kubweza mafailo a chaka chonse ndi ola lina. Aliyense aone chomwe chimamuvuta kawirikawiri.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndionjezere chimodzi chomwe usiku uja unandiphunzitsa. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Uthenga woti imeji ndi yobwezereka umangotanthauza kuti mafailo ake akuwerengeka, sukutanthauza kuti kompyuta idzayaka. Ine tsopano imeji iliyonse ndimaibwezera kamodzi pa disiki ina ndisanaikhulupirire. Mayi, muli ndi mwayi poti makompyuta anu ndi ofanana. Tengani yachiwiri, mukopere mafailo ake onse kwina, muibwezere imejiyo Lamlungu shopu ili yotseka. Mukatero mwayesa imeji, mwaphunzira njira yake mtima uli m'malo, ndipo kompyuta yachiwiri yakhalanso yatsopano. Muonetsetse kuti magetsi ndi odalirika tsiku limenelo kapena muli pa UPS, chifukwa akathima pakati pobwezera disiki imatsala yosayaka mpaka mutayambiranso. Imejiyo siiwonongeka, koma muyenera kuyambira poyamba.

Mayi a Chisomo:
Tachita Lamlungu monga munanenera aphunzitsi. Kubwezera kunatenga mphindi 11. Inayaka bwinobwino, zilembo za makadi zonse zilipo, sikana ikugwira. Zovuta ziwiri: Windows anadandaula kuti pa netiweki pali makompyuta awiri a dzina limodzi, ndipo Office pa yachiwiriyo ikupempha kiyi. Windows mwini wake akuti ali activated.

Che Jafali wa ku Limbe:
Dzinalo sinthani mu Settings, System, About, pa `Rename this PC`, muyatsenso. Windows sanavute chifukwa chilolezo chake chimamangirira pa bolodi ya kompyuta iliyonse, ndiye yachiwiriyo inali nacho kale cha mtundu womwewo. Office ndi nkhani ina, kiyi ya kompyuta yoyamba siyenda ndi imeji kupita pa bolodi ina. Lowetsani kiyi yomwe inali pa kompyuta yachiwiriyo. Mukakonza ziwirizi, ijambuleninso yachiwiriyo payokha, dzina la imeji likhale ndi nambala ya kompyuta ndi deti, kuti iliyonse ikhale ndi yakeyake. Pa 500 GB malo alipo.

Thoko wa ku Joni:
Kunena zoona imeji yopita pa makompyuta ena imayenera kudutsa `sysprep /generalize`, lamulo lochotsa mu Windows zizindikiro za kompyuta yoyambayo, isanajambulidwe, ndiyo njira yomwe a Microsoft amavomereza. Kuntchito kwathu sitingayerekeze kudumpha.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndinamvapo zimenezo achemwali, koma ine 12 onse aja ndinangosintha maina ndipo chaka chatha osaona vuto. Mwina poti sitili pa domain, netiweki ija yolamulidwa ndi seva. Kodi chimene chimawonongeka n'chiyani kwenikweni pa makompyuta ongogawana pulinta?

Thoko wa ku Joni:
Makompyuta ojambulidwa popanda sysprep amakhala ndi nambala yodziwikira ya m'kati yofanana, yotchedwa SID. Kale anthu ambiri ankati zilibe kanthu, koma ndamva anzanga akudandaula kuti pa Windows 11 wa maapudeti atsopano makompyuta oterowo amakanirana kugawana mafoda ndi pulinta. Anu ali pa Windows uti aphunzitsi?

Aphunzitsi a ku Dedza:
Akadali pa 10, ambiri mwa iwo sangalandire 11.

Mayi a Chisomo:
Anga ali pa 11, ndipo pulinta yaikulu imalumikizidwa pa kompyuta yoyamba, enawo amapulinta kudzera mwa iyo. Sindinayese kupulinta kuchokera pa yachiwiriyo chibwezereni. Ndikayesa mawa m'mawa ndisanakhudze yachitatu, ndidzakuuzani zomwe yalemba.